Mtengo Ufike Komiti Isanakhale

Zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo anthu agwirako ndalama, Loweruka lililonse limakhala ndi mwini wake. Kuyambira mu Ogasiti mpaka Disembala maholo a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amadzaza ndi zinkhoswe, maukwati, misonkhano ya mipingo ndiponso maphwando a makampani. Pa 15 Okutobala pali tsiku la anakubala. Pa 25 Novembala mabungwe amayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi, ndipo pa 1 Disembala pali tsiku lokumbukira za Edzi. Zonsezi zisanathe, makampani amakhala atayamba kale kufunsa za makalendala a chaka chamawa. Palibe chochitika mwa zimenezi chomwe chimadutsa osagunda pa khomo la wosindikiza. Pamafunika makadi oitanira anthu, mapulogalamu, zinsalu za uthenga zopachika kutsogolo, matisheti ndi ziphaso.

Osindikiza ambiri amangodikira kuti nyengoyi iwapeze, poti makasitomala amabwera okha. Amabweradi, koma amabwera onse pamodzi, Lachitatu madzulo, aliyense akufuna katundu wake Lachisanu. Pali osindikiza ena ochepa amene amayamba ndi iwo kulankhula. Kukadali milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu nyengo isanayambe, amatumiza imelo kwa anthu amene amakonza zochitika, yokhala ndi mndandanda wa mitengo wolembedwa mosabisa. Ndi ntchito yooneka yaing'ono, ya tsiku limodzi pa kompyuta, koma ili ndi zambiri mkati mwake zimene wosindikiza ndi kasitomala yemwe ayenera kuzimvetsa.

Tiyambe ndi munthu amene akulandira imeloyo. Kawirikawiri si iye mwini ndalama. Ndi mlembi wa komiti ya ukwati, kapena msungichuma wa gulu la amayi a mpingo, kapena wogula zinthu ku bungwe amene pamwamba pake pali abwana osaina. Munthu ameneyu amapita kukakhala pamaso pa anzake ndi pepala la bajeti, ndipo mzere uliwonse umafuna nambala: holo mwakuti, chakudya mwakuti, zokuzira mawu mwakuti, zosindikiza mwakuti. Ngati alibe mtengo weniweni wa zosindikiza amangoikapo nambala ya m'mutu, kapena ya chaka chatha. Komiti ikavomereza nambala imeneyo ndiye kuti yatsekedwa. Tsiku limene adzafike kwa wosindikiza n'kumva kuti mtengo ndi wowirikiza, sipakhalanso kokatenga ndalama, ndipo chotsatira ndi kunenerera kosatha, kuchepetsa chiwerengero, kapena kusankha pepala lopyapyala limene limachititsa manyazi pa tsikulo. N'chifukwa chake nthawi yotumiza imelo ndi yofunika kuposa kukongola kwake. Mtengo uyenera kufika komiti isanakhale pansi.

Osindikiza ena amakana kulemba mitengo poyera. Amati opikisana nawo aiona n'kutsitsako pang'ono, kapena amati ntchito iliyonse ndi yosiyana, choncho ndi bwino kasitomala abwere adzakambirane. Mantha oyambawo alibe maziko olimba, pakuti wopikisana nawe amene akufuna kudziwa mitengo yako amangotuma mnyamata kudzafunsa ngati kasitomala. Mfundo yachiwiriyo ili ndi choonadi, ntchito zimasiyanadi. Koma mankhwala ake ndi kulemba mtengo pamodzi ndi zonse zimene zapanga mtengowo, osati kuubisa.

Mzere wakuti "mapulogalamu, K600" sunena kanthu. Kodi ndi aakulu bwanji? A4, imene ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, ikapindidwa pakati imapereka timasamba tinayi ta A5. Kodi pepala lake ndi lotani? Kulemera kwa pepala kumayezedwa ndi magalamu pa sikweya mita imodzi. Pepala wamba la mu ofesi ndi la magalamu 80, lonyezimira loyenera pulogalamu limakhala la 130 kapena 150, ndipo khadi la ukwati loti liime lokha pa tebulo limafuna 300 kapena kuposerapo. Kodi ndi inki yakuda yokha kapena mitundu yonse? Mbali imodzi kapena zonse ziwiri? Kupinda kuli momwemo? Nanga mtengowo ndi wa mapulogalamu angati? Mzere womveka umayankha mafunso onsewa nthawi imodzi: pulogalamu ya A4 yopinda pakati, pepala lonyezimira la magalamu 150, mitundu yonse, mbali zonse, kupinda kuli momwemo, makope 600, K600 iliyonse, zonse pamodzi K360,000. Mlembi atha kukopera mzere umenewu mu bajeti yake osaimbira munthu foni. Athanso kuufananitsa ndi wa wosindikiza wina mwachilungamo, chifukwa akudziwa kuti akuyerekeza zinthu zofanana.

Funso la chiwerengero ndi limene limasokoneza anthu kwambiri, ndipo ndi loyenera kulifotokoza mofatsa. Pali njira ziwiri zikuluzikulu zosindikizira pa pepala. Makina a dijito ali ngati pulinta yaikulu: munthu amatumiza fayilo kuchokera pa kompyuta, mapepala n'kuyamba kutuluka. Palibe chokonzekera chambiri, choncho pepala loyamba ndi pepala la 500 zimadya ndalama zofanana. Makina a ofuseti ndi ena. Asanayambe kugwira ntchito pamafunika kupanga mapuleti achitsulo, puleti imodzi pa mtundu uliwonse wa inki. Chithunzi cha mitundu yonse chimapangidwa ndi inki zinayi, yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda, zimene pa kompyuta zimalembedwa kuti CMYK, ndiye mapuleti amakhala anayi. Akamangidwa pa makina, woyendetsa amataya mapepala angapo akulinganiza kuti mitundu igwere pamodzi ndi kuti inki isachuluke kapena kuchepa. Ndalama zonsezi zimapita pepala loyamba labwino lisanatuluke. Koma makinawo akangoyamba kuthamanga, pepala lililonse lowonjezera limatsika mtengo kwambiri.

Tiyeni titenge chitsanzo cha gulu la amayi a mpingo amene akukonza msonkhano waukulu. Manambala ndikulembawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si mitengo ya sitolo ina iliyonse. Tinene kuti pa dijito pulogalamu imodzi ndi K900, zilibe kanthu kuti ndi angati. Pa ofuseti mapuleti ndi kukonzekera zikudya K180,000, kenako pulogalamu iliyonse ndi K300. Amayiwa akafuna mapulogalamu 100, dijito iwadyera K90,000 pamene ofuseti ikufika K210,000. Akafuna 300, njira zonse ziwiri zikumana pa K270,000. Akafuna 600, dijito ikwera kufika K540,000 koma ofuseti ndi K360,000 yokha, ndiye kuti K600 pa pulogalamu imodzi. Pa makope 1,000 ofuseti ndi K480,000, pulogalamu imodzi n'kutsika kufika pa K480.

Mndandanda wabwino wa mitengo umaonetsa masitepe amenewa, 100, 300, 600 ndi 1,000, m'malo mwa mtengo umodzi wokha. Ubwino wake umaoneka pa cholakwika chimene makomiti amachita chaka ndi chaka. Amayi aja, pofuna kupulumutsa ndalama, atha kuitanitsa mapulogalamu 500 ngakhale akuyembekeza anthu 600, poganiza kuti ena adzaonerana. Makope 500 pa ofuseti ndi K330,000. Kutatsala masiku atatu, wapampando akuti n'zosatheka kuti alendo ochokera ku mipingo ina asowe pulogalamu, awonjezere 100. Mapuleti achotsedwa kale pa makina ndipo pali ntchito ya munthu wina, choncho 100 owonjezerawo atuluka pa dijito, K90,000. Zonse pamodzi zafika K420,000, pamene akanaitanitsa 600 kamodzi akanalipira K360,000. Kuwonjezera apo mitundu ya magulu awiriwa siifanana ndendende, chifukwa inki ya ofuseti ndi ufa wa makina a dijito zimakhala mosiyana pa pepala. Mlembi amene anaona masitepe a mitengo mu Ogasiti akanaona yekha kuti kusiyana kwa 500 ndi 600 ndi K30,000 basi.

Zinsalu za uthenga zili ndi msampha wakewake. Zimagulitsidwa pa sikweya mita, ndipo anthu ambiri saganiza m'masikweya mita. Chinsalu cha mamita 3 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi masikweya mita 3. Munthu akati achiwirikize kuti chioneke patali, mamita 6 ndi 2, amayembekeza kulipira kawiri, koma chafika masikweya mita 12, kanayi. Wosindikiza wanzeru amalemba mtengo wa sikweya mita kenako n'kuwerengeratu miyeso itatu imene anthu amakonda kufunsa, ndi kunena ngati mphete zomangira zingwe m'mphepete zili mu mtengowo. Pa matisheti napo, ngati akusindikiza ndi sefa, mtundu uliwonse wa inki umafuna sefa yakeyake, choncho chizindikiro cha mitundu itatu n'chodula kuposa cha mtundu umodzi ngakhale tisheti ndi yomweyo. Mzere umodzi wofotokoza zimenezi umathandiza komiti kusankha chizindikiro chimene ingakwanitse isanakondwere ndi chimene singathe.

Tsopano tifike pa vuto limene limachititsa osindikiza a kuno kumudzi kuzengereza kulemba mitengo, ndipo ndi vuto lenileni. Mapepala, inki, mapuleti ndi zida za makina pafupifupi zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, pakati penipeni pa nyengo ya makalendala. Wosindikiza amene analonjeza mtengo mu Seputembala chaka chimenecho, n'kudikira kuti agule mapepala mu Novembala, anagwira ntchito yolipira m'thumba mwake. Ngakhale kwacha isanakhudzidwe ndi boma, kusowa kwa ndalama zakunja kumachititsa kuti ogulitsa mapepala asinthe mitengo mwadzidzidzi kapena mtundu wina wa pepala ungosowa pa msika.

Yankho lake ndi tsiku. Mndandanda uliwonse uyenera kunena kuti mitengoyi ikugwira ntchito mpaka liti, masiku 14 kapena 30 malinga ndi mmene msika ulili, ndiponso kuti chimene chimatseka mtengo ndi dipoziti. Ambiri amafuna theka kapena kuposerapo. Kasitomala ena amaona ngati dipoziti ndi chizindikiro chakuti sakukhulupiriridwa, ndiye ndi bwino imeloyo inene chifukwa chake poyera: ndalamayo ndi yogulira mapepala a ntchito yanu lero, pa mtengo wa lero, kuti zinthu zikasintha mawa zisakukhudzeni. Koma lonjezo limeneli limamanga mbali zonse. Wosindikiza amene walandira dipoziti ayenera kugula mapepalawo sabata yomweyo n'kuwaika pambali, osati kulipirira lendi ndalamayo n'kumayembekeza kuti msika ukhala chete. Amene walandira dipoziti kenako n'kudzapempha zowonjezera chifukwa choti mapepala akwera waphwanya chinthu chokhacho chimene chinapangitsa mndandanda wake kukhala wodalirika, ndipo makomiti amauzana.

Msonkho nawonso uyenera kuonekera. Ngati bizinesiyo inalembetsa za VAT ku MRA, mndandanda unene ngati mitengo ili ndi msonkhowo kale kapena uwonjezeredwa pamwamba. Mikangano yambiri ya pa kauntala imayambira pamenepa: komiti inasonkha K360,000, invoisi ikubwera ndi nambala yokulirapo, ndipo aliyense akuona kuti wanamizidwa. Kwa anthu wamba, a maukwati ndi mipingo, ndi bwino kulemba mtengo womaliza, umene adzatulutse m'thumba. Mabungwe ndi makampani amafuna kuona msonkho pa mzere wakewake, amafunsa nambala ya TPIN, ndipo ambiri amayamba atenga makotesheni atatu asanasankhe. Amenewa amalipiranso mochedwa, katundu ataperekedwa kale, choncho osindikiza ena amakonza mindandanda iwiri, wa mabungwe ndi wa anthu wamba, mitengo ya katundu n'kukhala yofanana koma malamulo a kalipiridwe n'kusiyana. Ndalama ya dizaini ndi ya mayendedwe nazonso zilembedwe padera. Wokhala ku Kasungu amene akuitanitsa katundu ku Lilongwe ayenera kudziwiratu ngati adzatumiziridwa pa basi, ndi amene adzalipire.

Mbali imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, koma imene mindandanda yambiri ilibe, ndi ya masiku. Makina ali ndi maola owerengeka pa sabata. Pepala lotuluka pa ofuseti limafuna nthawi kuti inki iume lisanadulidwe ndi kupindidwa, apo ayi inkiyo imadetsa pepala linzake. Kudula, kupinda ndi kulongedza ndi ntchito ya manja a anthu amene amatopa. Magetsi atha kuzima theka la tsiku, ndipo kuyendetsa makina ndi jenereta kumadya dizilo amene nthawi zina amasowanso. Choncho wosindikiza akalemba kuti ntchito imatenga masiku asanu ogwira ntchito sakuchita ulesi, ndipo ayenera kunena kuti masikuwo amayamba kuwerengedwa liti. Sayamba tsiku limene kasitomala walowa pa khomo. Amayamba tsiku limene chitsanzo chavomerezedwa ndipo dipoziti yalowa.

Tibwerere kwa amayi aja, tiwerenge chobwerera m'mbuyo. Tinene kuti msonkhano wawo uli Loweruka pa 18 Okutobala. Akufuna katundu ali m'manja masiku angapo tsikulo lisanafike, kuti ngati pali cholakwika chikonzedwe. Lachitatu pa 15 ndi holide ya anakubala, ndiye tsiku lotengera katundu ndi Lachiwiri pa 14. Masiku asanu ogwira ntchito tsikulo lisanafike akuyambira Lachiwiri pa 7, choncho chitsanzo chiyenera kusainidwa Lolemba pa 6. Chitsanzo sichivomerezedwa tsiku limodzi, pakuti abusa afuna kuona ngati nyimbo zasanjidwa bwino ndipo wapampando afuna kutsimikiza maina a alendo olemekezeka. Tipereke masiku atatu, ndiye kuti mawu onse ndi zithunzi zifike kwa wosindikiza Lachitatu pa 1 Okutobala. Kuti dipoziti ipezeke pa nthawiyo, komiti iyenera kuvomereza bajeti kumayambiriro kwa Seputembala, amayi apeze Masabata angapo osonkha. Ndiye kuti mtengo unayenera kukhala m'manja mwa mlembi mu Ogasiti. Chochitika cha pakati pa Okutobala chimayamba ndi imelo ya miyezi iwiri m'mbuyo. Wosindikiza akaika kawerengedwe kotere mu imelo yake, ngakhale mwachidule, amakhala wapatsa wokonza mwambo chinthu chimene sakanachidziwa payekha.

Nanga ofulumira, amene amabwera Lachitatu kufuna za Lachisanu? Adzakhalapo nthawi zonse, ndipo ena ali ndi zifukwa zomveka, monga a maliro amene sangakonzekere. Mndandanda unene poyera kuti ntchito yachangu ili ndi mtengo wake wowonjezera, chifukwa imatanthauza kuti antchito agona mochedwa ndipo ntchito ya munthu wina yasunthidwa. Kulemba zimenezi pasadakhale n'kwabwino kuposa kutchula mtengo wokwera munthu ali kale pa mavuto, pamene zimaoneka ngati kum'dyera masuku pamutu. Ine ndimaona kuti ntchito za maliro n'zoyenera kuzipatula pa lamulo limeneli, ndipo wosindikiza amene watero alembe kuti anthu adziwe.

Pali chinanso chimene chimadya masiku mwakachetechete, ndicho mafayilo oipa. Kasitomala amatumiza chithunzi cha akwati chimene chadutsa pa WhatsApp katatu, ndipo pa foni chikuoneka bwino. WhatsApp imachepetsa zithunzi pozitumiza pokhapokha zitatumizidwa ngati fayilo, ndiye chikakulitsidwa pa chinsalu cha mamita atatu nkhope zimasanduka timabokosi. Mizere itatu mu imelo imathetsa zimenezi: tumizani PDF, zithunzi za pa pepala zikhale za 300 dpi pa kukula kumene zidzasindikizidwe, ndipo ngati mtundu ukufika m'mphepete mwa pepala siyani mamilimita 3 owonjezera mbali zonse kuti mpeni wodulira usasiye kamzere koyera. N'kofunikanso kuchenjeza kuti mitundu ya pa foni, imene imapangidwa ndi kuwala, imaoneka yowala kuposa mmene inki ingaitulutsire. Mkwatibwi amene wasankha mtundu wa ukwati wake ayenera kuona chitsanzo cha pa pepala ndi maso ake, osati cha pa foni chokha. Ndipo siginecha ya pa chitsanzo ndi nkhani yaikulu. Dzina la mlendo wolemekezeka likalakwika pa chitsanzo chimene komiti inasaina, kusindikizanso ndi ndalama za komiti. Likalakwika pambuyo pa siginecha, ndi za wosindikiza. Lamulo limeneli likadziwika mu Ogasiti, palibe amene amakwezerana mawu mu Okutobala.

Imelo yeniyeniyo siyenera kutalika. Wokonza zochitika amaiwerenga pa foni, mwina ali mu minibasi, ndipo bandulo yake ndi yowerengeka. Mutu wake unene zimene zili mkati, mwachitsanzo "Mitengo ya zosindikiza, Ogasiti mpaka Seputembala", osati mawu okopa amene amafanana ndi a akathyali. Mkati mwake mutha kukhala mawu ngati awa:

"Mayi, tikukhulupirira kuti muli bwino. Chaka chatha tinakusindikizirani mapulogalamu a msonkhano wanu wa mu Okutobala. Poti nyengo yayandikiranso, takutumizirani mitengo ya chaka chino kuti ikuthandizeni pokonza bajeti. Mitengoyi ikugwira ntchito mpaka pa 15 Seputembala, ndipo msonkho uli kale momwemo. Kuti mulandire katundu pa 14 Okutobala, mawu ndi zithunzi zitipeze pofika pa 1 Okutobala. Ngati chaka chino si inu amene mukuyendetsa zimenezi, chonde tidziwitseni kapena mupatsireko amene akuyendetsa. Ngati simukufuna kulandiranso mauthenga athu, ingotiyankhani kuti tisiye, ndipo tisiya."

Pansi pake pabwere mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya zinthu zimene munthu ameneyu angafune, yolembedwa mu imelo momwemo, ndipo mndandanda wonse ukhale mu PDF ya tsamba limodzi yopepuka. Tsamba limodzilo lili ndi chifukwa chake. Mlembi akalilandira amaliponya pa gulu la WhatsApp la komiti, ndipo kumeneko limayenda lokha popanda imelo ija. Choncho dzina la bizinesi, nambala ya foni, njira zolipirira monga banki, Airtel Money kapena Mpamba, ndi tsiku lothera mitengo ziyenera kukhala pa tsamba lomwelo. Tsamba lopanda tsiku limabwerera chaka chamawa m'manja mwa munthu amene akuumirira mtengo wakale, ndipo sungamunene kuti walakwa.

Funso la anthu oyenera kutumiziridwa limafuna kusamala. Poyambira pabwino ndi buku la mainvoisi a chaka chatha ndi cha dzana. Amene anasindikizitsa mu Okutobala watha ali ndi chochitika chomwecho Okutobala uno, ndipo amakudziwa kale. Pambuyo pawo pali amene ntchito yawo ndi kukonza zochitika za anthu ena: okongoletsa maholo, oyang'anira malo ochitira misonkhano, maofesi a mipingo ndi sukulu. Mmodzi wa amenewa amakumana ndi makomiti ambiri pa nyengo imodzi. Chosayenera ndi kutola maadiresi paliponse, kapena kugula mndandanda wa anthu osawadziwa, n'kuwathira uthenga onse. Kuwonjezera pa kukwiyitsa anthu, imelo zotere zimagwera m'bokosi la `Spam`, ndipo anthu angapo akazidandaula ngakhale makotesheni enieni a bizinesiyo amayamba kugwera komweko. Malawi alinso ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2024, choncho adiresi ya kasitomala si katundu woti n'kumugawa mwachisawawa. Cholakwika chofala kwambiri ndi kuika maadiresi onse pa mzere wa `To` kapena `Cc`, pamene wolandira aliyense amaona anzake onse. Apo wosindikiza waulula makasitomala ake kwa aliyense, ndipo munthu mmodzi akayankha kwa onse, madandaulo ake amawerengedwa ndi gulu lonse. Mzere wa `Bcc` umabisa maadiresi. Koma kwa makasitomala akuluakulu makumi awiri kapena atatu, palibe choposa kulembera aliyense payekha, kum'tchula ndi ulemu wake ndi kukumbutsa ntchito ya chaka chatha.

Imelo ili ndi malire ake, ndipo wosindikiza asadzinamize. Makomiti ambiri a zinkhoswe ndi maukwati sagwiritsa ntchito imelo n'komwe, amakhala pa WhatsApp ndi pa foni. Imelo imagwira bwino kwa mabungwe, makampani, sukulu ndi maofesi a mipingo, kumene anthu amafuna cholembedwa choti asunge mu fayilo. Mndandanda nawonso sungakwane ntchito iliyonse. Kabuku ka masamba 48, khadi lodulidwa mwa maonekedwe apadera kapena zilembo zagolide zimafuna kotesheni yakeyake, ndipo tsambalo linene choncho m'malo moyerekeza mtengo umene udzasinthe.

Pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi, foni yaifupi kwa amene sanayankhe ndi yokwanira, kungofunsa ngati uthenga unafika ndiponso ngati tsiku la chochitika ladziwika. Tsiku limenelo ndi limene wosindikiza akulifuna kwenikweni, kuti alilembe pa kalendala ya pa khoma la mu shopu. Akaona kuti Loweruka lina la mu Okutobala lili kale ndi ntchito zinayi zazikulu, amadziwa kuti yachisanu aikane kapena aipemphe ibwere msanga, ndipo amadziwa kuchuluka kwa mapepala a magalamu 150 ndi 300 oti agule mitengo isanasunthe. Mayankho a anthu amaonetsanso pamene mndandanda walephera. Anthu atatu akaimba kufunsa ngati maenvulopu ali mu mtengo wa makadi, ndiye kuti mzere wa makadi ndi wosakwanira, ndipo ukonzedwe tsiku lomwelo uthenga wachiwiri usanapite. Ambiri akangofunsa za makope 200 pamene masitepe akudumpha kuchoka pa 100 kufika pa 300, sitepe ya 200 iwonjezedwe. Ngati palibe amene akufunsa za chinthu china kwa nyengo yonse, chichotsedwe pa tsamba la chaka chamawa kuti malowo apite ku zimene anthu akuitanitsa.